Kufunsa anthu ambiri sikuwongola kasankhidwe kokhota: chitsanzo cha m'kalasi

Pali ganizo limodzi limene limavuta kulizula m'mitu ya ophunzira akayamba kuphunzira za kafukufuku. Amakhulupirira kuti zotsatira zikakhala zokayikitsa, mankhwala ake ndi kuwonjezera anthu ofunsidwa. Wafunsa anthu 30? Achepa, funsa 300. Ganizoli silabodza lonse, n'chifukwa chake limakanirira. Kuchulukitsa sampulo, ndiye kuti gulu la anthu ofunsidwa, kumachiza nthenda imodzi mwa nthenda ziwiri zimene zimagwira kafukufuku, koma inayo sikuikhudza n'komwe, ndipo nthawi zina kumaibisa. Ndikufuna tione zimenezi ndi manambala, pa chitsanzo cha m'kalasi chimene aliyense angathe kuchiwerengera papepala. Manambala a sukuluyi ndawakonza ndekha kuti masamu ake aoneke bwino, si a sukulu yeniyeni.

Tiyerekeze sukulu ya ophunzira 1,000. Aphunzitsi apatsa kalasi ina ntchito yofufuza funso ili: ndi ophunzira angati pa 100 aliwonse amene amayenda ulendo wopitirira ola limodzi kuti afike pasukulu? Tiwatche "akutali". Inu ndi ine tikudziwa yankho, ngakhale kalasiyo sikulidziwa: akutali alipo 300, apafupi alipo 700. Yankho loona ndi 30 peresenti.

Kalasi yagwirizana njira yooneka yanzeru. Aima pageti m'mawa, n'kumafunsa amene akulowa, ndipo belu loyamba likalira asiya kuti nawonso akalowe m'kalasi. Palibe amene ali ndi cholinga choipa. Sakusankha anzawo, sakudumpha munthu chifukwa cha nkhope yake. Koma taonani amene amadutsa pageti belu lisanalire. Mwa apafupi 700, amene amafika nthawi imeneyi ndi 540. Mwa akutali 300, amene amakwanitsa ndi 60 okha, chifukwa chomwecho chakuti amachokera kutali. Choncho anthu amene njirayi ingawapeze ndi 600, ndipo mwa iwo akutali ndi 60, kutanthauza 10 peresenti. Ena 400 amafika ofufuza atachoka kale. Mwa 400 amenewa, 240 ndi akutali, kutanthauza 60 peresenti.

Tsiku loyamba kalasi ifunsa anthu 25, n'kupeza akutali atatu: 12 peresenti. Aphunzitsi afunsa ngati akulikhulupirira yankholi. Mtsikana wina akweza dzanja n'kunena kuti, "Ayi aphunzitsi, anthu 25 achepa. Mawa tifunse 100." Mawa lake apeza 9 mwa 100. Sabata yotsatira agawana m'magulu, afunsa anthu 400, apeza 41, pafupifupi 10 peresenti. Apa kalasi yonse mitima ikhala pansi. Manambala asiya kudumphadumpha, akhazikika pa 10. Ndipo kukhazikika kumeneku n'koona, si kwachinyengo. Vuto ndi lakuti akhazikika pa yankho la funso lina: "mwa ophunzira ofika belu lisanalire, akutali ndi angati?" Funso limene anapatsidwa linali la sukulu yonse.

Tsopano tisiyanitse nthenda ziwiri zija. Yoyamba ndi kulakwa kwa mwayi. Ukatenga anthu 25 mwa 600, lero ukhoza kupeza akutali mmodzi, mawa anayi, mkucha awiri, popanda chimene walakwitsa. Kulakwa kotereku kulibe mbali: nthawi zina kumakweza yankho, nthawi zina kumalitsitsa. Popeza kulibe mbali, ukachulukitsa anthu zokwera ndi zotsika zimafafanizana. Kukula kwake, kumene kumalembedwa mwachidule kuti SE, kumayezedwa motere, pamene p ndi gawo la anthu amene ali ndi chimene ukufufuzacho ndipo n ndi chiwerengero cha ofunsidwa:

```
SE = sqrt( p * (1 - p) / n )
```

Pageti paja p ndi 0.1. Ukafunsa 25, kulakwa kwa mwayi kumakhala pafupifupi 0.06, kutanthauza mapointi 6 pa 100. Ukafunsa 100, mapointi 3. Ukafunsa 400, pointi imodzi ndi theka, ndipo kwenikweni kumachepa kuposa pamenepa chifukwa 400 ndi gawo lalikulu la anthu 600. Onani kuti pofuna kudula kulakwaku pakati uyenera kuchulukitsa anthu kanayi, chifukwa n ali mkati mwa sikweya ruti. Apa mtsikana uja ananena zoona: anthu ambiri amachepetsa kudumphadumpha.

Nthenda yachiwiri ndi kukondera kwa njira yosankhira. Mawu akuti kukondera asatisokoneze, sakunena za mtima wa wofufuza. Akutanthauza kuti njirayo, ukaibwereza kambirimbiri n'kutenga pakati pa mayankho onse, imakugwetsera kumbali imodzi ya choonadi. Pa chitsanzo chathu kukula kwake tingakuwerengere ndendende. Pamafunika zinthu ziwiri zokha: gawo la anthu amene njirayo singawafikire, ndi kusiyana kwa amene ikuwafikira ndi amene yawasiya.

```
0.4 * (10 - 60) = -20
```

Osiyidwa ndi 400 mwa 1,000, ndiye 0.4. Ofikiridwa ali pa 10 peresenti, osiyidwa ali pa 60. Kukondera ndi mapointi 20 kumunsi, ndipo n'zoonadi: 10 m'malo mwa 30. Yang'anitsitsani mzere umenewu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mulibe n. Chiwerengero cha ofunsidwa sichikupezeka paliponse m'masamu a kukondera. Kaya mufunse 25, kaya 400, gawo la osiyidwa likadali 0.4 ndipo kusiyana kwawo kukadali mapointi 50. Munthu wa 401 amene mungamuwonjezere atuluka m'gulu lomwe lija la ofika m'mawa. Sangakuuzeni kanthu za mnyamata amene pa nthawiyo akadali panjira.

Tifike nazo pamapeto. Tiyerekeze kuti kalasi yadzipereka kwathunthu, yafunsa aliyense wodutsa pageti belu lisanalire, onse 600, osaphonya ngakhale mmodzi. Kulakwa kwa mwayi kwatheratu, kwafika pa ziro. Yankho ndi 10 peresenti yeniyeni, ndipo akabwereza mawa apezanso 10. Afunsa anthu oposa theka la sukulu, koma aphonya choonadi ndi mapointi 20, chimodzimodzi ndi mmene njira yawo inkaphonyera tsiku loyamba lija. Zili ngati ukonde wa maso akuluakulu: uuponye kakhumi kapena kachikwi, tinsomba tating'ono tizingopulumuka, ndipo ukaweruza ndi zimene wakola udzati m'madzimo mulibe tating'ono.

Akatswiri akafuna kuphatikiza nthenda ziwirizi kukhala muyeso umodzi wa kulakwa konse, amachulukitsa chilichonse ndi chokha, n'kuwonkhetsa, n'kutenga sikweya ruti. Pa anthu 25 a pageti, 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36, pamodzi 436, ndipo sikweya ruti yake ndi pafupifupi 20.9. Pa anthu 100 kulakwa konse kumakhala 20.2. Pa anthu 400 kumakhala pafupifupi 20.1. Ntchito yachuluka ka 16, phindu lake silikufika ngakhale pointi imodzi. Pansi pa 20 sangatsike, ngakhale atachita khama lotani pageti pomwepo.

Tsopano tiyese njira ina. Aphunzitsi atenga kaundula wa sukulu, momwe muli mayina onse 1,000, dzina lililonse ndi nambala yake. Achita maere, kaya ndi timapepala m'bokosi kaya ndi manambala otulutsidwa ndi kompyuta, n'kusankha mayina 100. Kenako kalasi ikawasaka anthu 100 amenewo kulikonse kumene ali, nthawi iliyonse imene afika. Apa aliyense pasukulu anali ndi mwayi wofanana wosankhidwa, ndipo maere sadziwa kuti uyu amafika mochedwa. Gawo la osafikirika ndi ziro, choncho kukondera ndi ziro. Chatsala ndi kulakwa kwa mwayi kokha. Poika p = 0.3 ndi n = 100, tipeza mapointi pafupifupi 4.6. Kunena kwina, ka 95 pa ka 100 kalikonse yankho ligwera pakati pa 21 ndi 39 peresenti. Si yankho lakuthwa, koma lazungulira malo oyenera. Ndipo pano malangizo a mtsikana uja agwira ntchito: mukafuna yankho lakuthwa, onjezerani mayina a maere, ndipo lifinyikira ku 30.

Funso limene ine ndimalikonda kwambiri pa chitsanzochi ndi ili: kodi anthu 600 a pageti aja akufanana mphamvu ndi anthu angati osankhidwa mwa maere? Tifufuze n amene kulakwa kwake kwa mwayi kukufika mapointi 20. Ukasankha anthu 5 mwa maere, kulakwa kwake ndi pafupifupi mapointi 20.5. Ukasankha 6, kumatsikira pa 18.7. Ndiye kuti anthu 6 okha otengedwa mwa maere m'kaundula, tikatengera mmene zimakhalira ukabwereza kambiri, amayandikira choonadi kuposa anthu 600 a pageti. Sindikunena kuti kufunsa anthu 6 ndi kafukufuku wabwino. Ndi woipa ndithu, ndipo palibe angamange mfundo pa iye. Chimene ndikunena n'chakuti mapepala 600 odzaza bwino aja ndi ofooka chimodzimodzi, kungoti kufooka kwawo sikuoneka.

Kusaoneka kumeneku ndiko kumandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu wofunsa anthu 6 amadziwa yekha kuti waima pa nthaka yofewa, ndipo womumvera amadziwanso. Koma taonani zimene zimachitikira malire a chikhulupiriro, aja amalembedwa kuti "kuwonjezera kapena kuchotsera mapointi akuti". Amapezeka pochulukitsa kulakwa kwa mwayi pafupifupi kawiri. Tsiku la anthu 25, kalasi ikanalemba kuti yankho lili penapake pakati pa ziro ndi 25 peresenti, ndipo aliyense akanaona kuti nkhani sinathe. Pa anthu 400 ilemba kuti lili pakati pa 7 ndi 13. Malire afupika, lipoti laoneka lolimba, ndipo 30 watsala kutali kunja kwake kuposa kale. Malire amenewa amayeza kulakwa kwa mwayi kokha. Masamu ake amayamba ndi kuganiza kuti sampulo inatengedwa mwa maere m'gulu lonse, ndipo ganizo limenelo likakhala labodza, palibe chimene chimalira m'kakyuleta kukuchenjeza. Choncho sampulo yaikulu yotengedwa mokondera imawonjezera chidaliro popanda kuwonjezera choonadi. Mkulu wa sukulu atalandira lipoti la anthu 400 akhoza kunena kuti vuto la mtunda ndi la ophunzira ochepa, pamene likukhudza pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse.

Msampha wina wofanana ndi umenewu ndi kugwirizana kwa magulu. Magulu anayi a m'kalasi anaima pageti masiku osiyana, onse anapeza pakati pa 9 ndi 12 peresenti, ndipo wina anati, "Aphunzitsi, tonse sitingalakwe mofanana." Angathe, ngati onse agwiritsa ntchito njira imodzi. Kugwirizana kwawo kukutsimikizira kuti anawerenga mosamala, osati kuti anaima pamalo oyenera.

Zimenezi zinachitikapo poyera, pa mlingo waukulu. Mu 1936 ku United States, magazini ya Literary Digest, imene inali italosera molondola zisankho zingapo za pulezidenti m'mbuyomo, inatumiza mapepala pafupifupi 10 miliyoni ofunsa anthu amene adzamuvotere. Anabwerera pafupifupi 2.4 miliyoni. Kuchokera pamenepo inalengeza kuti Alf Landon apambana ndi mavoti pafupifupi 57 peresenti. Tsiku la chisankho Franklin Roosevelt anapeza pafupifupi 61 peresenti ya mavoti ndipo anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Ukaika anthu 2.4 miliyoni m'masamu a kulakwa kwa mwayi aja, umapeza kulakwa kosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a pointi. Koma magaziniyo inaphonya ndi mapointi oyandikira 20. Mageti ake anali awiri. Loyamba linali mndandanda wa mayina, umene unachokera kwambiri m'mabuku a manambala a telefoni, m'kaundula wa eni galimoto ndi kwa olembetsa magaziniyo, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma pamene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi. Lachiwiri linali kuyankha: mwa anthu anayi alionse olandira pepala, pafupifupi mmodzi yekha ndiye anabweza, ndipo otsutsa Roosevelt anali ndi chidwi chobweza kuposa omukonda. George Gallup, ndi sampulo yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imeneyi, analosera kuti Roosevelt apambana. Magazini ija inatha mu 1938. Njira ya Gallup nayo sinali ya maere enieni, ndipo mu 1948 inamugwetsa pamene analosera kuti Thomas Dewey agonjetsa Harry Truman.

Tibwerere kusukulu kwathu, chifukwa pali malire awiri a mfundoyi amene ayenera kunenedwa moona mtima. Oyamba ndi akuti njira yosakhala ya maere siwononga funso lililonse. M'masamu a kukondera muja muli zinthu ziwiri zochulukitsana, ndipo chimodzi chikakhala ziro, zonse ndi ziro. Kalasi ikanaima pageti pomwepo n'kumafunsa kuti ndani amalemba ndi dzanja lamanzere, mwina ikanapeza yankho labwino, chifukwa palibe chifukwa choganizira kuti amanzere amafika mochedwa kapena mofulumira kuposa anzawo. Geti laipa pa funso la mtunda chifukwa chinthu chimene chikusankha anthu, nthawi yofika, n'cholumikizana ndi chinthu chimene chikuyezedwa. Choncho funso lofunika pa sampulo iliyonse ndi ili: kodi chimene chinachititsa kuti munthu alowe kapena asalowe m'sampulo chikukhudzana ndi yankho lake?

Malire achiwiri ndi akuti sampulo ikayandikira gulu lonse, kukondera kumachepadi. Kalasi ikanafunsa anthu 980 mwa 1,000, osiyidwa 20 sakanatha kusuntha yankho ndi mapointi oposa awiri. Koma onani kuti sikanafika pa 980 poima pageti mpaka belu loyamba. Ikanayenera kukhalabe mpaka ochedwa afike, ndipo kumeneko ndi kusintha njira, osati kungowonjezera anthu. Chimene chachepa ndi 0.4 uja. Ndipo pa kafukufuku wa dziko lonse, ngakhale anthu miliyoni imodzi amakhala kachigawo kochepa ka onse.

Nanga kalasi ikanadziwa bwanji kuti yasokera, popeza yankho loona sikulidziwa? M'mayankho 600 aja mulibe chizindikiro. Uyenera kuyang'ana kunja kwake. Choyamba ndi kuwerenga amene sanafunsidwe n'kuona kuti angasinthe zinthu mpaka pati. Akutali odziwika ndi 60. Ngati mwa 400 osafunsidwa mulibe wakutali ngakhale mmodzi, yankho la sukulu ndi 6 peresenti. Ngati onse ndi akutali, ndi 46 peresenti. Malire oona mtima a kafukufuku wa pageti ndi amenewa, kuyambira 6 mpaka 46, osati 7 mpaka 13. Kuwerengera kwa mphindi imodzi kumeneku kukanakwanira kuchotsa chidaliro chonse chija. Chachiwiri ndi kuyerekeza sampulo ndi chinthu chodziwika kale. Ngati kaundula akusonyeza dera limene wophunzira aliyense amakhala, ndipo dera lina lili ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ophunzira koma m'sampulo likungooneka apo ndi apo, ndiye kuti geti likusefa anthu. Chachitatu ndi kuyang'ana mkati mwa nthawi. Akanalemba nthawi imene aliyense anafunsidwa, akanaona kuti akutali akuchulukira belu likamayandikira, ndipo munthu wochenjera akanadzifunsa kuti nanga belu likalira zimapitirira bwanji.

Ntchito ya pageti sinatayike yonse. Ikufotokoza bwino kwambiri gulu la ofika m'mawa. Chosowa ndi gulu linalo, ndipo safunika onse 400. Tiyerekeze kuti kalasi yatenga mndandanda wa amene sanafunsidwe, yasankha 40 mwa maere, yawapeza nthawi yopuma, n'kupeza kuti 24 ndi akutali, 60 peresenti. Kulakwitsa kumene ambiri amachita apa ndi kungowaponya m'mulu umodzi: 60 ndi 24 ndi 84, mwa anthu 640, pafupifupi 13 peresenti. Yankho limeneli likadali lokhota, chifukwa ofika m'mawa akadali ochuluka mopitirira gawo lawo. Gulu lililonse liyenera kupatsidwa kulemera kolingana ndi kukula kwake pasukulu:

```
0.6 * 10 + 0.4 * 60 = 30
```

Munthu aliyense mwa 40 aja akuimira anthu khumi, pamene aliyense wa pageti akudziimira yekha. M'chitsanzo ndaika 24 kuti masamu atuluke oyera. M'kafukufuku weniweni akhoza kukhala 21 kapena 27, ndipo yankho lingagwere pa 27 kapena 33. Kumeneko ndi kulakwa kwa mwayi, kumene tikudziwa kale kukuchepetsa. Chofunika kuona n'chakuti anthu 40 ochokera kumbali yosiyidwa asuntha yankho ndi mapointi pafupifupi 20, pamene anthu 575 owonjezeredwa pageti pambuyo pa tsiku loyamba sanachepetse kukondera ngakhale pang'ono. Kulemeretsa kotereku kumatheka pokhapokha ukudziwa kukula kwa gulu lililonse ndipo uli ndi anthu ena ochokera m'gulu losiyidwalo. Gulu limene mulibe ngakhale mmodzi m'sampulo, ulichulukitse ndi nambala iliyonse, likhalabe ziro.

Ngakhale maere a m'kaundula akhoza kuwonongeka pa sitepe yomaliza. Mwa mayina 100 osankhidwa, tinene kuti tsiku lofunsa 15 sanabwere kusukulu. Mayesero amakhala akuti, "Tingofunsa ena 15 amene alipo kuti chiwerengero chikwane." Mapepala akwanadi 100, koma geti lija labwerera pakhomo lakumbuyo, chifukwa amene amajomba kawirikawiri akhoza kukhala akutali omwewo, ndipo olowa m'malo mwawo achokera mwa amene amapezeka mosavuta. Choyenera ndi kusunga mayina 15 amenewo, kuwafunafuna mawa ndi mkucha, ndipo amene sapezeka mpaka kumapeto alembedwe m'lipoti kuti anasankhidwa koma sanayankhe. Ngati atsala anayi, wowerenga angathe kudziwerengera yekha kuti anayiwo sangasunthe yankho la sampulo ndi mapointi oposa anayi.